Anafunsa za Banja

Mumsewu wonsewo ankamutchula kuti a Magalasi, chifukwa kwa zaka khumi ndi chimodzi anakhala kuseri kwa kauntala ya shopu yoyeza maso, akuwongola timiyendo ta mafulemu ndi kupukuta magalasi a anthu. Anali ndi zaka 37. Nambala imeneyi sankaitchula pagulu, koma ankayenda nayo ngati kamwala m'nsapato.

Kalipentala wina analowa m'shopumo tsiku lina Lachiwiri, utuchi uli mbuu m'tsitsi, tepi yoyezera matabwa ili m'manja.

"Achemwali, a fakitale ayamba chinyengo," anatero. "Manambala a pa tepi akumawalemba ang'onoang'ono masiku ano. Dzulo ndadula chitseko chachifupi."

"Si tepi, bambo. Ndi zaka."

Kalipentala anaseka mpaka kugwira kauntala. Anagula magalasi owerengera, koma patapita masiku atatu anabweranso kuti akumufinya pamphuno. Sabata yotsatira anabwera kuti tsopano akukhwepa. Ulendo wachitatu Magalasi anamuuza kuti magalasiwo alibe vuto, ngati pali china anene.

Anakumana kawiri m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi siteji ya mabasi. Kalipentala sanabise za moyo wake. Anali ndi zaka 46, ukwati wake woyamba unatha zaka zinayi zapitazo, ndipo anali ndi ana aakazi awiri, wina wa zaka 14, wina wa zaka 9, amene ankakhala ndi mayi awo. Loweruka lililonse ankapita kukawatenga. Mkazi wake wakaleyo anali atakwatiwanso.

Tsiku lachitatu lokumana, Magalasi anabwera atakonzeka. Iye anali atapsapo kale. Zaka zisanu ndi chimodzi zinamuthera pa mwamuna wina wa ku ofesi ya inshuwalansi, amene nkhani ya ukwati ikayamba ankangoti "tiona", nkhani ya mwana ikayamba ankayang'ana pa foni. Atasiyana, mwamunayo anakwatira wina pasanathe chaka, ndipo Magalasi anakumana nawo pakhomo pa sitolo, mkaziyo mwana ali kumbuyo. Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti mwamuna wina aliyense adzamufunsa msanga, mtima usanazike mizu. Safunsa anadya phula.

Anaika kapu pansi.

"Ndikufunseni, musandione ngati wopupuluma. Ine si mtsikana. Kodi inu mukufuna banja, kapena mukungofuna wocheza naye?"

Kalipentala sanayang'ane kumbali. "Banja. Ndatopa kudya ndekha nditaimirira."

"Liti?"

"Zikayenda, chaka chino chisanathe. Mukumane ndi ana anga kaye, ine ndikaonekere kwa abale anu, basi."

Magalasi anakwera basi tsikulo mtima uli m'malo. Atafika kunyumba anaimbira mng'ono wake, amene anali ndi ana atatu kale ndipo ankalankhula pa foni wina akumukoka siketi.

"Ndafunsa," anatero Magalasi. "Akuti chaka chino."

"Eee, akulu! Ndiye tiyambe kusoka madiresi? Za mwana mwafunsa?"

"Ndati banja, iwe. Banja ndi chiyani?"

Miyezi itatu inadutsa bwino, kupatula chinthu chimodzi. Foni ya Kalipentala ikaitana, nthawi zina pagalasi pake pankaoneka mawu akuti Amake Ana. Iye ankayankha pomwepo osadzuka, osatsitsa mawu, ndipo nkhani zake zinali za yunifolomu, za dzino la wamng'ono, za msonkhano wa makolo ku sukulu. Palibe chimene Magalasi akanaloza chala. Koma mawu awiri amenewo ankamutsamwa. Iye pa foniyo analembedwa kuti Magalasi, dzina la ntchito, lomwe ngakhale mlonda wa pa geti ankamuitanira. Winayo anali ndi udindo woti sungathe ngakhale ukwati unatha. Loweruka likafika, Magalasi ankapukuta mafulemu omwe anali atawapukuta kale, m'maganizo akuona Kalipentala akulowa pakhomo paja osagogoda, akudziwa pamene pamakhala makapu.

Ankadzitonthoza yekha kuti n'za kanthawi. Chaka chamawa kapena chinacho, nayenso adzakhala amake wina.

Lachinayi lina abwana anatseka shopu masana chifukwa makina oyezera maso ankakonzedwa. Magalasi anaganiza zokadzidzimutsa Kalipentala ku shedi kwake, kuseri kwa msika wa zitsulo. Anamupeza atawerama, magalasi aja ali pamphuno, akupala thabwa ndi sandipepa. Pakati pa shediyo, pamene pankayenera kukhala zitseko ndi mashelefu, panali kabedi ka mwana. Kanali ka matabwa oyera, timizati take tosalala ngati zala, ngodya zonse zozungulira kuti zisabaye. Mbali imodzi inali yotsika ndi kukwera.

Magalasi anayandikira. Kwa kamphindi anaganiza zopusa, zoti kabediko n'kake.

"N'ka ndani?" anafunsa akusisita kamzati.

Kalipentala asanayankhe, panja panaima kagalimoto ka katundu. Munatsika mayi wamtali, wovala diresi yotakasuka, dzanja limodzi lili pamsana. Mimba inali yaikulu, ya miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposa.

"Abambo a ana, mwamaliza? Dalaivala akuti akufulumira." Kenako anaona Magalasi, nkhope n'kuwala. "Aa, ndinu a Magalasi eti? Atsikana amakukambani. Akuti munawakonzera magalasi a dzuwa aja anathyoka. Zikomo kwambiri."

Akanakhala wamwano zikanapepuka. Koma mayiyo anapereka moni ndi manja awiri, n'kukhala pa benchi osafunsa, n'kukankha chitini cha misomali ndi phazi ngati munthu wodziwa kuti chitinicho chimakhala pamenepo kuyambira kale.

"Vanishi sanaume," anatero Kalipentala. "Ndinakuuzani Lolemba."

"Munati Lachinayi."

"Lolemba."

"Onani, mayi," mayiyo anatembenukira kwa Magalasi akuseka, "muzilemba zimene anena bambo awa. Ine zaka khumi ndi ziwiri sindinapambanepo mlandu wa masiku."

Kalipentala anamuthandiza kudzuka pa benchi pomugwira pachigongono, n'kumuperekeza ku galimoto, n'kumuuza dalaivala kuti aziyenda pang'onopang'ono pa mabampu. Magalasi anaona zonsezo. Anaona dzanja lija mmene linapezera chigongono mosafufuza.

Galimoto itapita, m'shedimo munangotsala fungo la vanishi.

"Amuna awo alibe manja?" anafunsa Magalasi.

"Ndi dalaivala wa mathiraki, amakhala pa msewu. Ndipo kabedi kogula m'sitolo n'kabodza, misomali yokhayokha."

"Alipira?"

"Matabwa agula okha. Ntchito ndi yaulere. Mwana ameneyu ndi m'bale wa ana anga."

"M'bale wa ana anu." Magalasi anabwereza mawuwo pang'onopang'ono ngati akuwerenga mzere wapansi wa zilembo zoyezera maso. "Mwamuna amakhala pa msewu. Inu Loweruka lililonse muli pakhomo paja. Lero ndikupeza mukusalaza kabedi ngati ka mwana wa mfumu. Ine ndimagulitsa magalasi, bambo, koma sindine wakhungu."

Kalipentala anaika sandipepa pansi. "Mukuti chiyani?"

"Mimba ija ndi ya ndani?"

Iye anaseka. Kusekako n'kumene kunamupsetsa mtima Magalasi kwambiri, chifukwa kunali kwa munthu womasuka, wopanda chobisa, kapena wodziwa kubisa bwino.

"Sekani. Uja wa inshuwalansi ankasekanso choncho."

"Pepani, sindikuseka inu. Khalani pansi."

"Pa benchi ya amake ana? Ndiima."

"Imani. Koma tamverani. Mimba ija singakhale yanga ngakhale ndikanafuna. Ine ndinatseketsa."

Magalasi sanamve msanga. "Munatseketsa chiyani?"

"Kuchipatala. Njira ya abambo ija. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, wamng'ono ali ndi chaka. Amake jakisoni wolera sankawayanja, ankangotaya magazi, mapiritsi ankawapweteketsa mutu. Tinagwirizana kuti awiri akwana, ndiye ndinati m'malo moti azivutika iwo, ndipite ine. Mphindi makumi awiri basi. Amadula timachubu todutsa mbewu n'kumanga. Patapita miyezi itatu anandiyeza, n'kundiuza kuti mulibe kanthu. Pepala lake lilipo kunyumba, ngati mukufuna umboni."

Ananena zimenezi monyadira, ngati munthu amene wapeza lisiti yomupulumutsa pa mlandu. Ankadikira kuti Magalasi apume, mwina aseke, apepese. Koma anaona nkhope yake ikusintha, ndipo kunyadako kunazima.

Magalasi anakhala pa benchi ija osadziwa.

"Ndiye kuti inu simungabereke."

"Ayi. China chilichonse chili bwinobwino, inunso..." Anasiya. "Kubereka kokha."

"Ndinakufunsani. Tsiku lachitatu, m'kanyumba ka tiyi. Ndinakufunsani ndi pakamwa pangapa."

"Munandifunsa ngati ndikufuna banja."

"Eya!"

"Ndipo ndikulifuna. Ukwati, mkazi m'nyumba, kukalamba ndi munthu. Za mwana simunatchule."

"Banja lopanda mwana ndi banja?"

"Ine ndinaona ngati mwawerengera ana anga awiri aja. Ndinakuuzani za iwo tsiku loyamba. Ndinati mayiyu wamva kuti ndili ndi ana, zaka zanga wazimva, ndipo akuti banja. Ndinaganiza kuti tamvana."

"Inenso ndinaganiza kuti tamvana."

Panja wina ankamenya chitsulo, nkhaa, nkhaa. Magalasi ankafufuza pomugwirira bodza koma sanapapeze. Mawu amodzi omwewo, aliyense ananyamula mbali yake n'kupita nayo kwawo akusangalala.

"Koma chinthu chachikulu chotere," anatero potsiriza, "munthu sudikira kufunsidwa."

Kalipentala anavula magalasi n'kupukuta kumaso ndi mkono. "Pamenepo mwanena zoona. Kawiri konse ndinafuna kunena. Tsiku lija munanyamula mwana wa mng'ono wanu, ndinaona mmene munkamununkhizira kumutu. Ndinachita mantha. Ndinati ndidikire kaye tizolowerane."

"Kuti ndikamadzamva ndikhale nditamira kale."

Kalipentala anavalanso magalasi ake.

Chodabwitsa n'chakuti nsanje ija sinachoke. Mlandu wa mimba unali utatha, koma nsanjeyo inangosintha malo n'kukhala pozama. Mwamuna ameneyu anagona pa bedi la kuchipatala, n'kulola mpeni, chifukwa mutu wa mkazi wina unkapweteka. Mkaziyo anatenga ana awiri, anatenganso ana onse amene akanadzabadwa, kenako n'kupita kukabereka kwina. Lolemba adzabwera kudzatenga kabedi.

"Anakutsekani n'kupita ndi kiyi," anatero Magalasi.

"Sanandikakamize. Musawaikire mlandu."

"Mpaka lero mukuwaikira kumbuyo."

"Ndikunena zoona basi."

Magalasi anapuma mwamphamvu. Ntchito yake inamuphunzitsa kuti munthu akati sakuona bwino, sumupatsa magalasi pomwepo. Umafunsa diso liti, patali kapena pafupi, kuyambira liti.

"Chabwino. Ndifunsenso, ulendo uno bwinobwino. Ine ndikufuna ukwati, ndipo ndikufuna mwana wobereka ndekha. Mmodzi akwana. Ndili ndi zaka 37. Anamwino anandiuza kuti kuyambira pano mwayi umatsika chaka ndi chaka, ndipo ukadutsa 40 umatsika kwambiri. Ndiye sindikunena za tsiku lina. Ndikunena kuti tikakwatirana chaka chino, tiyambe kuyesa nthawi yomweyo. Funso loyamba: zimene anakuchitanizo zimabwezeka?"

"Pamene ankandipanga anandiuza kuti ndizitenge ngati zamuyaya. Koma ndinamva kuti madokotala ena amalumikizanso."

"Funso lachiwiri, lomwe ndi lalikulu. Zitatheka, inuyo mukumufuna mwanayo?"

Kalipentala anatsegula pakamwa, koma Magalasi anakweza dzanja.

"Musandiyankhe lero. Lero munena chilichonse kuti ndisatuluke pakhomopa ndikulira. Ndikukupatsani masabata awiri. Kafunseni kuchipatala, mukadzifunsenso nokha. Lachinayi la sabata ya mkuja, pa tiyi paja, mudzandiuze eya kapena ayi. Mawu ena apakati sindidzalandira."

Masabata awiriwo sanaonane. Magalasi anagwira ntchito ngati makina. Lolemba masana anadzipeza akuyang'ana wotchi, akuganiza kuti panopa kagalimoto kaja kaima pa shedi, panopa akukweza kabedi, panopa dzanja lili pachigongono. Loweruka anazimitsa foni kuti asayesedwe kuimba n'kumva mawu a mayi uja chapansipansi.

Mng'ono wake anabwera Lamlungu ndi maganizo ambirimbiri.

"Akulu, mwamuna wabwino ndi wosowa. Samwa, samenya, ali ndi ntchito m'manja. Ana awiri aja muwalere, ndi anunso."

"Ali ndi mayi awo. Wamoyo, wokongola, woseka."

"Nanga mukamusiya n'kusapeza wina? Mudzataya zonse ziwiri."

"Ndikudziwa."

"Kapena mungomukakamiza. Amuna mwana akabadwa amasungunuka okha."

"Iwe uli ndi atatu, n'chifukwa chake ukulankhula ngati mwana ndi ndiwo zoonjezera." Mawuwo anatuluka akuthwa kuposa mmene ankafunira. Mng'ono wakeyo anangoyang'ana pansi, n'kuyamba kumanga thewera la wamng'ono. Magalasi anapepesa, koma anadziwa kuti nsanje yake yayamba kuluma ndi osalakwa omwe.

Lachinayi lija Kalipentala anafika msanga, atavala shati yosita, m'tsitsi mulibe utuchi. Anadikira tiyi abwere.

"Ndinapita," anatero. "Anandituma ku chipatala chachikulu, kwa dokotala wa za amuna. Akuti opaleshoni yolumikiza ilipo, ya maola angapo, osati ngati yoyamba ija. Koma akuti zaka zikachuluka chitsekereni, mwayi umachepa. Mbewu zikhoza kubwerera koma mimba osabwera. Anandifunsa zaka zanu. Nditanena, anati tikaphatikiza zanga ndi zanu, asandinamize, zikhoza kutheka koma kulephera n'kosavuta. Ndipo munthu umadikira miyezi, mwina chaka, kuti udziwe ngati zagwira."

"Limenelo ndi funso loyamba."

"Eya." Anazunguza supuni m'kapu ngakhale shuga anali atasungunuka kale. "Ndinatuluka m'chipindamo n'kukhala pa mzere wa mipando panja. Ndinadzifunsa kuti dokotala uja akanati n'zosatheka, ndikanamva bwanji. Ndinapeza kuti ndikanapuma. Ndikanabwera kuno n'kunena kuti ndayesa, akana ndi madokotala, inu n'kundimvera chisoni. Nditaona kuti ndikulakalaka yankho limenelo, ndinadziwa langa."

Magalasi anagwira kapu ndi manja onse.

"Sindikufuna mwana wina," anapitiriza. "Ndinalera, ndikulerabe. Mwana wobadwa ndili ndi zaka 48 adzamaliza sukulu ine manja akunjenjemera, pulena yopalira matabwa sindingayigwirenso. Ndikhoza kupita pa opaleshoni chifukwa cha inu, thupi si vuto. Koma ndikanakhala ndikupemphera chamumtima kuti isagwire, ndipo inu mukanadzaona. Mumaona zinthu."

"Kwa amake ana munalola mpeni."

"Chifukwa zimene ankafuna iwo n'zimene ndinkafuna ine. Si kuti ndinkawakonda kuposa inu."

Magalasi anafuna kukhulupirira. Mwina zinali zoona. Koma zoonazo sizinachotse chithunzi cha mayi uja atakhala pa benchi, mimba patsogolo, akuseka za masiku.

"Inunso ndikufunseni," anatero Kalipentala. "Ukwati uli pomwepo, chaka chino, monga ndinanenera. Mungakwatiwe nane popanda mwana?"

Funso limeneli Magalasi anali atalitembenuza masabata awiri onse. Anali atayesa kudziona m'nyumba ya mwamunayu, akuphikira atsikana awiri Loweruka, madzulo n'kuwabweza kwa mayi awo. Anadziona ali ndi zaka 45, akumva foni ikuitana m'chipinda china, akudziwa mawu amene alembedwa pagalasi pake. Anaona mkazi amene akanasanduka: wowerenga maola a Loweruka, wofufuza m'matumba, wodana ndi khanda losalakwa chifukwa chogona pa matabwa osalala.

"Ayi," anatero. "Ndikhoza kukusiyani n'kusadzabereka ndithu, zimenezo ndikuzidziwa. Koma zikadzatero, ndidzakwiyira Mulungu kapena thupi langa. Ndikakhala nanu, ndidzakwiyira inu, ndi iwo aja, ndi ana anu. Atsikana aja sanandilakwire."

Kalipentala anagwedeza mutu kangapo. Maso ake anali ofiira.

"Miyezi itatu," anatero. "Bola si zaka."

"Musadzitame nazo. Inayenera kukhala masabata atatu."

"Zoona."

Anamaliza tiyi chifukwa panalibe china chochita ndi manja. Atatuluka, Kalipentala anayamba kulowera ku siteji monga mwa masiku onse, koma Magalasi anaima.

"Musandiperekeze."

"Kukuimbirani nthawi zina, kungofunsa za moyo?"

"Ayi. Mukamaimba ndizidikira, ndipo nthawi yodikira ndilibe. Atsikana muwauze nokha, muwauze kuti si chifukwa cha iwo."

Anawoloka msewu pakati pa njinga ndi mabasi. Atafika tsidya linalo anacheuka kamodzi. Kalipentala anali ataima pomwe paja, foni ili m'manja, akuyang'ana pansi. Magalasi sanadziwe ngati akufuna kuimbira munthu, kapena ndani, ndipo nsanje ija inamugwira chimodzimodzi ngati kuti mwamunayo akadali wake. Kondakitala anamenya chitseko cha basi n'kukuwa kuti malo atsala amodzi. Anakwera.